Mayunitsi atha, wamaliza ndani? Yambani mwawerengera musanakagogode kwa alandilodi

Pa poloti imene ili ndi makomo awiri koma mita imodzi, mkangano wa magetsi umayamba mwakachetechete. Manambala a pa mita amatsika, aliyense amawaona, ndipo aliyense amakhala duu kudikira kuti mnzake ndiye agule. Kenako madzulo ena, nsima ili pamoto, magetsi thii. Ukasuzumira panja, kwa aneba kukuwala. Apo m'pamene mawu amatuluka. Eninyumba amati ana a masiku ano amaphika nyemba pa hotipuleti. Wochita lendi amati ine ndimachoka 6 koloko m'mawa n'kubwera usiku, ndiye mayunitsiwo ndawadya nthawi yanji?

Chimene ndaona n'chakuti mbali zonse ziwiri zimakhala zikunena zimene zikukhulupirira ndi mtima wonse, koma palibe amene wawerengera. Ndiye sabata ino tiyeni tione mlandu umodzi wotere kuyambira pa masamu ake mpaka pa mawu okanena pakhomo pa eninyumba, chifukwa masamu abwino ukawanena mwachipongwe umasamuka nawo.

Ndani akudya mayunitsi

Yunitsi imodzi ya magetsi ndi imene pa mita ndi pa risiti amalemba kuti kWh. Chipangizo cha mawatsi 1,000 chikayaka ola lathunthu, yunitsi imodzi yapita. Mawatsi a chipangizo chilichonse amalembedwa pansi kapena kumbuyo kwake, nambala yotsatana ndi chilembo cha W. Tengani nambala imeneyo, chulukitsani ndi maola amene chimayaka pa tsiku, gawani ndi 1,000. Yankho lake ndiwo mayunitsi a pa tsiku.

Mukachita zimenezi kamodzi kokha mudzaona kuti anthu ambiri timakangana pa zinthu zolakwika. Babu la masiku ano la mawatsi 9 liyenera kuyaka maola opitirira 100 kuti limalize yunitsi imodzi. Kutchaja foni n'kochepanso kuposa pamenepo. Zimene zimadya mayunitsi ndi zotenthetsa: hotipuleti, ketulo, ayironi, giza, ndi kachitsulo koviika m'ndowa kotenthetsera madzi osamba kaja. Ketulo ya mawatsi 2,000 ikawira mphindi 30 yamaliza zimene babu lija likanamaliza m'masabata angapo. Choncho amene amakudzudzulani kuti mwagona babu likuyaka, koma iwo atereka nyemba maola atatu pa magetsi, akulondera khomo lolakwika.

Nkhani ya msuweni wanga

Msuweni wanga wina, mtsikana wapantchito, amakhala yekha m'boyizikota ku Area 25 mu Lilongwe. M'nyumba yaikulu mumakhala eninyumba, mayi achikulire ndi banja lawo, onse pamodzi anthu asanu. Polowa anagwirizana pakamwa kuti magetsi azigawana pakati. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, iye anayamba kuona kuti ndalama za magetsi zikumupweteka, pomwe mayiwo ankadandaula kuti chibwerere iye mayunitsi sakuchedwa kutha. Manambala amene ndilembe apa ndawafewetsa kuti masamu asavute. Mtengo weniweni wa yunitsi umasintha, ndiye wanu muuone pa risiti yanu.

Choyamba chimene tinachita ndi kusonkhanitsa mameseji onse a matokeni a mwezi umodzi, ogula iye ndi ogula eninyumba. Ubwino wogula pa Airtel Money, Mpamba kapena ku banki pa foni ndi umenewu: meseji imatsala, ndipo imaonetsa tsiku ndi ndalama, kawirikawiri ndi mayunitsi omwe. Tinapeza kuti poloti yonse imagula magetsi a K40,000 pa mwezi, mayunitsi ake 320. Ndiye kuti yunitsi imodzi inkafika pa K125, ndipo iye ankalipira K20,000.

Kenako tinalowa m'chipinda chake n'kutembenuza chipangizo chilichonse. Hotipuleti yake ndi ya mbale imodzi, mawatsi 1,000, ndipo amaphika pafupifupi ola ndi theka pa tsiku. Pa mwezi amenewo ndi mayunitsi 45. Ketulo ya mawatsi 2,000, mphindi 15 pa tsiku, ndi mayunitsi 15. Kusita ola limodzi pa sabata ndi ayironi ya mawatsi 1,200 kumafika pa 5. Mababu atatu ndi 4, laputopu ndi foni ndi 6. Zonse pamodzi, 75.

Za m'nyumba yaikulu sitinakalowe kukatembenuza mapoto a eni ake. Kumeneko kukanakhala kuyamba ndewu tisanayambe kukambirana. Tinangoyerekeza ndi zimene aliyense pa poloti amazidziwa. Mbale ziwiri zophikira, iliyonse maola awiri pa tsiku, ndi mayunitsi 120 pa mwezi. Firiji tinaipatsa 45, ketulo 30, wailesi yakanema ndi dikoda yake 15, mababu ndi kusita 15. Zonse 225. Panalinso mababu awiri apanja oyaka usiku wonse, amene amathandiza makomo onse awiri, pafupifupi mayunitsi 15. Tikaphatikiza 75, 225 ndi 15 tikupeza 315, pafupi kwambiri ndi 320 amene anagulidwadi. Masamu akayandikira chonchi, dziwani kuti simunaiwale chipangizo chachikulu. Akanasiyana ndi mayunitsi 100, tikanadziwa kuti pali china chimene sitikuchidziwa, mwina giza, mwina waya wopita kwina.

Komabe masamu a mawatsi ndi kuyerekeza chabe. Hotipuleti, ayironi ndi firiji zimadzizimitsa n'kudziyatsa zokha, ndipo palibe amene amaphika atayang'ana wotchi. Umboni umene sukanidwa uli pa mita penipeni. Msuweni wangayo atatumidwa ndi kuntchito kwa masiku awiri pakati pa sabata, anazimitsa zonse kwake, najambula mita pochoka ndi pobwera. M'masiku awiriwo mita inatsika ndi mayunitsi 16. Ndiye kuti iye kulibe, poloti imadya 8 pa tsiku, amene ndi 240 pa mwezi. Chotsani 240 pa 320, atsala 80. Gawo lake lenileni ndi kota ya magetsi onse, K10,000, koma ankalipira theka.

Mukafuna kuyesa chonchi, sankhani masiku wamba. Loweruka ndi Lamulungu ana amakhala pakhomo, anthu amachapa ndi kusita, choncho manambala amakwera. Tsiku limene magetsi anazima maola ambiri musaliwerengenso, chifukwa lingakunamizeni kuti eninyumba sagwiritsa ntchito kwenikweni. Ndipo konzekani kuti yankho likhoza kukutembenukirani. Ngati mumatenthetsa madzi osamba ndi kachitsulo m'mawa uliwonse, mwina amene mukudyera anzanu ndinu.

Pali chinanso chimene chimayambanitsa anthu ogula mosinthana. Pa mita ya pakhomo ya Escom, mayunitsi 50 oyambirira pa mwezi amakhala otsika mtengo kuposa otsatira. Ndiye amene wagula pa 1 amalandira mayunitsi ochuluka kuposa amene wagula pa 15 ndi ndalama zofanana. Wachiwiriyo amanenedwa kuti ake sanachedwe kutha, mwina anagula ochepa n'kunama, pomwe palibe amene waba. Njira yake n'kuphatikiza ndalama zonse za mwezi ndi mayunitsi onse a mwezi, n'kugawana kuchokera pamenepo, osati kupikisana kuti tokeni ya ndani yakhala masiku angati. Onaninso risiti bwinobwino. Ngati ikuonetsa kuti gawo la ndalama likudulidwa kubweza ngongole yakale ya pa mitayo, ngongole imeneyo ndi ya amene analipo musanabwere, ndipo iyenera kuchotsedwa kaye musanagawane.

Mawu okanena

Meseji imene msuweni wanga ankafuna kutumiza atangoona masamu aja inali yoti: "Mayi, ndazindikira kuti mwakhala mukundidyera masuku pamutu. Kuyambira lero sindigulanso magetsi mpaka mundibwezere ndalama zanga." Mumtima ikanamukomera, koma taonani zimene ikuchita. Ikuwatcha akuba anthu amene mwina sanawerengerepo chiyambire. Ikuopseza. Ndipo siikuwapatsa mayiwo njira yovomerera popanda kuchita manyazi. Munthu wamkulu ukamupanikiza pakona chotere, sayankha za mayunitsi. Amayankha za nyumba yake, ndipo yankho limakhala loti mwezi ukatha mupeze kwina.

Akuluakulu anati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. Meseji imene inapita inali iyi:

"Mwaswera bwanji Mayi? Pepani, ndimapempha kuti mukapeza mpata mawa madzulo kapena Loweruka tikhale pansi pang'ono pa nkhani ya magetsi. Nanenso ndaona kuti mayunitsi sakuchedwa kutha, ndiye ndalemba mmene akuyendera kuti tionere limodzi. Zikomo."

Meseji imeneyi siikutchula ndalama ngakhale mlandu. Ntchito yake n'kupempha nthawi basi. Nkhani yeniyeni ya ndalama ndi munthu wamkulu siyenera kuthera pa WhatsApp, pamene mawu alibe nkhope, ndiponso pamene mwana wawo angawerenge n'kuyankha m'malo mwawo. Ikuyambiranso pa dandaulo limene mayiwo anali nalo kale, loti mayunitsi akutha msanga, kotero akubwera ku zokambiranazo ngati mnzake wofuna yankho, osati ngati woimbidwa mlandu.

Atakhala pansi, pakhonde, popanda ana pafupi, iye anayamba ndi mbali yake. Anati, "Mayi, izi ndi zimene ndili nazo kwanga, ndipo umu ndi mmene ndimazigwiritsira ntchito. Ngati pali chimene ndaiwala mundikumbutse." Kenako anaonetsa zithunzi ziwiri za mita zija. Sananene kuti inu mumawononga magetsi. Anati, "Masiku awiri amene kunalibe ine, mita inatsika ndi 16. Ndikawerengera ndikuona ngati mbali yanga ikufika pa kota. Kapena inu mukuona bwanji?" Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mawu oyambawo akuweruza munthu. Achiwiriwo akunena zimene mita yaonetsa, n'kusiya mpata woti winayo ayankhe.

Mayiwo anayankha, ndipo yankho lawo linali ndi nzeru. Anati, "Mwana wanga, masamuwo ndawamva. Koma m'nyengo yozizira sumatenthetsa madzi osamba? Nanga alendo ako a Loweruka aja saphika?" Zinali zoona. Apa m'pamene achinyamata ambiri timataya nkhani, chifukwa timafuna kupambana mpaka tambala yomaliza. Iye anavomera kuti manambala ake ndi a mwezi umodzi wokha, ndipo anapereka ganizo loti azilipira K30 pa K100 iliyonse m'malo mwa K25. Pa K40,000 ija ndi K12,000. Analolera kuwonjezera K2,000 pamwamba pa gawo lake, koma anapulumutsa K8,000 mwezi uliwonse, ndipo mayiwo anatuluka m'zokambiranazo atamvedwa.

Onani kuti anagwirizana gawo, osati ndalama yokhazikika. Mukati K12,000 mwezi uliwonse, mtengo wa magetsi ukakwera eninyumba ndiwo aluza, ndipo mwezi umene magetsi azimazima kwambiri woluza ndinu. Mukati K30 pa K100 iliyonse, mgwirizano umayenda wokha ndi nyengo.

Nanga K60,000 imene anapitiriza kulipira pa miyezi isanu ndi umodzi ija? Maganizo anga ndi akuti imeneyo si ngongole. Anavomera yekha kugawana pakati, ndipo palibe amene anamunamiza. Kuiitanitsa kukanapha zonse zimene anali atapeza. Chimene anachita n'kuigwiritsa ntchito popempha china. Anati, "Zam'mbuyozi tizisiye, tinagwirizana tokha. Koma poti ndakhala ndikulipira mopitirirako, mungalole kuti tiike kamita kakang'ono pa waya wobwera kwanga, ndalama yake tigawane, ndipo ndikadzasamuka kadzatsale?" Kamita kotere kamangowerenga mayunitsi amene adutsa kupita ku khomo limodzi. Sikalowa m'malo mwa mita yaikulu, koma kamathetsa kuyerekeza konse. Kayenera kuikidwa ndi katswiri wa zamagetsi wovomerezeka, eninyumba atalola, ndipo mita ya Escom ija isakhudzidwe ngakhale pang'ono, chifukwa kuiseweretsa ndi mlandu.

Lembani, ngakhale mukugwirizana

Pomaliza pa zokambirana zotere, wina anene kuti tilembe kuti tisadzaiwale. Musati tilembe kuti musadzatembenuke. Zolembazo zisachuluke. Zawo zinali motere:

"Ife awiri tagwirizana kuti kuyambira pa 1 mwezi wamawa, pa ndalama zonse za magetsi a mwezi, wochita lendi azilipira K30 pa K100 iliyonse, eninyumba K70. Aliyense akagula tokeni azitumiza meseji yake kwa mnzake tsiku lomwelo. Mayunitsi akatsika kufika pa 20, amene waona adziwitse mnzake. Wina akabweretsa chipangizo chatsopano chotenthetsa, kapena munthu wodzakhala kupitirira sabata ziwiri, tidzakhalanso pansi. Mgwirizanowu tidzauonanso pakatha miyezi itatu, kapena kamita kakang'ono kakaikidwa."

Pansi pake tsiku ndi masiginecha awiri, aliyense n'kujambula pa foni yake. Chiganizo chilichonse pamenepa chikumanga mbali zonse ziwiri mofanana. Mulibe mawu oti wochita lendi asaphike nyemba, kapena oti eninyumba achepetse wailesi yakanema. Mgwirizano wachilungamo suuza munthu mmene akhalire m'nyumba mwake. Umangonena kuti amene wagwiritsa ntchito zambiri alipire zambiri.

Madzi ali ndi masamu akeake

Madzi sitiwerengera ndi zipangizo koma ndi mitu ya anthu, chifukwa kusamba, kuchapa ndi chimbudzi zimatsata kuchuluka kwa anthu. Pa poloti ya anthu asanu ndi mmodzi ngati ija, madzi a K18,000 ndiye kuti munthu aliyense K3,000. Ngati wina ali ndi dimba, amatsuka galimoto, kapena amagulitsa madzi kwa aneba, zimenezo muziike padera, muyerekeze ndi ndowa. Malita 1,000 ndi ndowa 50 za malita 20.

Koma madzi akayamba kutha msanga mwadzidzidzi, musathamangire kulozana zala. Tsekani mipopi yonse, pasapezeke wogwiritsa ntchito chimbudzi kwa ola limodzi, ndipo muwerenge mita poyamba ndi pomaliza. Ikayenda, penapake pakudontha. Kawirikawiri ndi thanki ya chimbudzi imene siitseka bwino, kapena paipi yapansi, imene mungaizindikire ndi malo onyowa kapena udzu wobiriwira m'chilimwe. Malita 10 okha pa ola ndi malita 7,200 pa mwezi, ndowa 360 zimene palibe wasamba. Kukonza mapaipi a pa poloti, mwachizolowezi, ndi udindo wa mwini nyumba, pokhapokha ngati wawononga ndinu kapena munalemberana zina. Udindo wanu n'kunena msanga, ndipo molemba: "Mayi, ndayesa kutseka mipopi yonse kwa ola limodzi koma mita ikuyendabe. Ndikuganiza kuti penapake pakudontha. Tingaitane pulambala adzaone?" Mukadziwa n'kukhala chete miyezi iwiri, musadabwe akakuuzani kuti madzi otayikawo mugawane.

Zikakanika

Si eninyumba onse amene angakhale pansi ngati mayi aja. Ena amati nyumba ndi yanga, mita ndi yanga, osafuna asamuke. Zikatero, pali zinthu ziwiri zimene zimaononga mlandu wabwino. Wochita lendi asadzidulire yekha ndalama pa lendi, chifukwa nkhani imasintha kuchoka pa magetsi kukhala yoti simunalipire nyumba, ndipo pamenepo mulibe poimira. Eninyumba nawonso asathothole waya kapena kukhoma loko pa mpopi pofuna kukhaulitsa munthu amene walipira gawo lake. Pemphani munthu amene nonse mumamulemekeza, kaya amfumu a m'deralo, kaya mkulu wa kumpingo kapena kumzikiti, kaya amene anakupezerani nyumbayo, kuti akhale pakati. Pitani ndi mameseji a matokeni, zithunzi za mita ndi pepala la masamu lija. Mkhalapakati amathandiza msanga pamene pali manambala oti awone kusiyana ndi pamene aliyense akungolumbira. Ndalama zikakhala zambiri ndipo zonsezi zalephereka, khoti la majisitireti lilipo, ndipo kumenekonso adzafuna mapepala omwewo.

Kwa inu amene mukusaka nyumba mwezi uno, funsani mafunso atatu musanapereke ndalama: mita ndi ya makomo angati, magawidwe ake ndi otani, ndipo pali ngongole yakale kapena ayi. Tsiku lolowa jambulani mita ya magetsi ndi ya madzi, manambala akuoneka bwino, mutumize zithunzizo kwa eninyumba ndi moni waulemu. Tsiku lotuluka muchitenso chimodzimodzi. Mukapeza mayunitsi 12 polowa, musiye 12 potuluka, ndipo ngati mwasiya ochuluka, muli ndi poyambira powapempha kuti akubwezereni.